Mwana Akamajomba Kusukulu Chifukwa cha Kumunda, Lamulo Likuti Chiyani?

Mphunzitsi aliyense wa kumudzi ku Kasungu, Mchinji, Dowa kapena Ntchisi amadziwa nyengo ya chaka poyang'ana kaundula wa kalasi yake. Mu Okotobala ana ena amafika mochedwa chifukwa ayamba athirira nazale ya fodya. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, kalasi imachepa kwa masiku angapo chifukwa aliyense ali kowokera ndi kodzala. Koma mipata yeniyeni imaoneka teremu yachiwiri, kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene kupalira, kubandira, kuthyola fodya ndi njala zimakumana pa nthawi imodzi. Ana amenewa sanasiye sukulu. Mayina awo alimo m'kaundula, ndipo boma likamawerenga ana a sukulu limawawerengera limodzi. Vuto lawo ndi lakuti amabwera Lolemba, kusowa Lachiwiri ndi Lachitatu, n'kudzaonekanso Lachinayi ali ndi zikhatho zakuda ndi utomoni wa fodya.

Makolo ambiri akafunsidwa amayankha kuti, "Mwanayu ndi wanga, ndipo munda ndi womwe umamudyetsa." Mwini munda nayenso amati, "Sindinamukakamize, anabwera yekha kudzapempha ganyu." Mayankho onse awiriwa amamveka bwino pabwalo, koma lamulo silifunsa kuti mwana ndi wa yani kapena kuti anabwera yekha. Limafunsa zaka za mwanayo, mtundu wa ntchitoyo, ndiponso ngati ntchitoyo ikudya nthawi yake ya sukulu.

Poyambira ndi Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994. Gawo 23 limati mwana ayenera kutetezedwa kuti asadyeredwe masuku pamutu, ndiponso kuti asagwire ntchito yoopsa, yosokoneza maphunziro ake, kapena yowononga thanzi ndi kakulidwe kake. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha gawoli kuti mawu akuti mwana azitanthauza aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Motero mnyamata wa zaka 17 wa mawu a besi, amene amanyamula thumba la feteleza yekha, pamaso pa lamulo ndi mwana. Gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense. Sukulu ya pulaimale inakhala yaulere mu 1994, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2013 linawonjezera kuti maphunziro a pulaimale ndi okakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Kutumiza mwana kusukulu si chifundo chimene kholo limachita ntchito ikachepa kumunda, ndi udindo wake pa lamulo.

Lamulo la Ntchito la 2000 ndi limene limadula malire momveka. Gawo 21 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, kaya ndi paesiteti, kumunda kwa munthu, kapena pa bizinesi ina iliyonse. Gawo 22 limakamba za ana a zaka 14 mpaka 18. Amenewa akhoza kugwira ntchito, koma osati yoika moyo, thanzi kapena khalidwe lawo pachiswe, komanso osati yowalepheretsa kupita kusukulu. Mfundo yomalizayi ndi imene anthu ambiri saidziwa. Ntchito ikhoza kukhala yopepuka, monga kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga ku Nkhotakota kapena kudikira mbuzi kudambo, koma ngati ikuchitika pa nthawi imene anzake ali m'kalasi, yalakwira lamulo. Gawo 23 limalamula wolemba ntchito kusunga kaundula wa antchito onse osakwana zaka 18, ndipo gawo 24 limati wophwanya malamulo amenewa akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kukakhala kundende zaka zisanu. Mu 2012 boma linatulutsa mndandanda wa ntchito zoopsa zimene munthu wosakwana zaka 18 sayenera kugwira konse, ndipo ntchito za fodya ndi zogwira mankhwala ophera tizilombo zili momwemo. Zonsezi zikugwirizana ndi mapangano awiri a bungwe la zantchito padziko lonse la ILO, a nambala 138 ndi 182, amene Malawi anavomereza mu 1999.

Apa wina afunsa kuti, kodi ndiye kuti mwana asagwire khasu? Ayi. Gawo 21 lomwelo limapatula ntchito za pakhomo, ndipo palibe lamulo loletsa mwana kutunga madzi, kusesa, kukonola, kapena kutsagana ndi makolo kumunda Loweruka kukaphunzira kuunda mizere. M'mera mpoyamba, ndipo mwana wa mlimi wosadziwa kupalira ndi wosauka kawiri. Koma mpata umenewu wa ntchito za pakhomo suli waukulu monga anthu amaganizira. Malamulo Aakulu sapatula munda wa makolo akamaletsa ntchito yosokoneza maphunziro. Komanso Lamulo Losamalira ndi Kuteteza Ana la 2010, pa gawo 82, limaletsa kukakamiza mwana kugwira ntchito kuti kholo, womulera kapena munthu wina aliyense apeze ndalama, ndiponso limaletsa kupereka mwana ngati chikole cha ngongole. Chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Choncho bambo amene watenga matumba awiri a chimanga kwa mwini ng'ombe, n'kumupatsa mwana wake kuti akhale mbusa chaka chonse kuti ngongole ithe, wachita mlandu waukulu kuposa amene akuganiza, ndipo mwini ng'ombeyo ali nawo gawo lake.

Tiyeni titenge chitsanzo kuti tione mmene kujomba kumadyera mwana pang'onopang'ono. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 12, wa Sitandade 5, amene makolo ake amalima ekala imodzi ya fodya wa bale ndi kamunda ka chimanga. Teremu yachiwiri ikutsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale, nkhokwe itatha kale. Sabata ziwiri zoyamba mayi ake akupita kukapalira m'munda mwa eni ake kuti alandire ndowa ya chimanga kapena madeya. Ganyu wotere amalipira pa ndime, osati pa tsiku, ndiye manja akachuluka ndime imatha msanga. Mtsikanayu akupita nawo masiku atatu sabata iliyonse. Taonani kuti mwini munda sanalembe mwanayo, anapangana ndi mayi ake, ndipo ndi momwe ana ambiri amagwirira ntchito popanda dzina lawo kulembedwa paliponse.

Kumapeto kwa Januwale masamba a m'munsi a fodya akhwima. Fodya sadikira munthu. Tsamba likapsa liyenera kuthyoledwa sabata yomweyo, ndipo likathyoledwa liyenera kusokedwa ndi kupachikidwa pa mikangala m'chigafa lisanayambe kuwola pamulu. Kuthyolako sikuchitika kamodzi, kumabwerezedwa kangapo kukwera ndi mtengo mpaka masamba a pamwamba atatha, ndipo kumatenga sabata zambiri. Kusoka ndi ntchito imene akuluakulu amaiona ngati ya ana chifukwa imagwiridwa chokhala pamthunzi. Tinene kuti mtsikana uja akujomba masiku awiri pa sabata kwa sabata zisanu ndi imodzi. Tikaphatikiza ndi masiku asanu ndi limodzi a ganyu aja, akwana masiku 18. Teremu imakhala ndi masiku ophunzira pafupifupi 60 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti wataya pafupifupi tsiku limodzi pa masiku atatu alionse. Sitinawerengere masiku amene wafika phunziro loyamba litatha, kapena amene wakhala m'kalasi akusinza chifukwa anasoka fodya mpaka usiku ndi tochi.

Kwa kholo masiku awiri pa sabata amaoneka ochepa, chifukwa atatu otsalawo mwana amapita. Koma maphunziro amamangidwa ngati khoma la njerwa, mzere wa lero umakhala pa mzere wa dzulo. Amene anasowa tsiku limene aphunzitsi amafotokoza kuphatikiza mafulakishoni sangamve za kuchotsera ngakhale atakhala pa benchi yakutsogolo. Sitandade 5 ndi kalasi yovutanso chifukwa maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 80 sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha mmodzi. Ndipo pali chinthu china chimene sukulu zina zimachita chimene ine ndimachiona kuti n'kuwonjezera vuto. Mwana akabwera atajomba, amamupatsa chibalo chotchetcha kapena chokumba dzenje la zinyalala anzake akuphunzira. Mwana amene wasowa chifukwa cha khasu la kwawo akulandiridwa ndi khasu la kusukulu, ndipo mawa lake amaona kuti kuli bwino kungokhala. Pakutha pa chaka walephera mayeso, wabwereza kalasi, ndipo chaka chamawa zomwezo zichitikanso. Akamafika zaka 15 akadali Sitandade 6 pakati pa ana aang'ono, manyazi amamugwira, ndipo banja kapena ntchito ya m'nyumba kutauni zimayamba kuoneka zabwino. Pa tsiku limene akusiya sukulu anthu amati walowerera, koma chiyambi chake chinali masiku awiri pa sabata aja.

Fodya ali ndi vuto lakelake limene limachititsa kuti lamulo limuike pa mndandanda wa ntchito zoopsa. Tsamba laliwisi, makamaka lonyowa ndi mame kapena mvula, limatulutsa chikonga chimene chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Mwana amakumbatira masamba pachifuwa ndi m'khwapa, malaya anyowa, ndipo pakapita maola angapo amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, mwina n'kusanza. Kunyumba amati ndi malungo. Chizindikiro chake ndi chakuti zimayamba madzulo a tsiku lothyola, kuchipatala akayeza magazi malungo sapezeka, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena atatu mwanayo amachira yekha, n'kudzadwalanso akabwerera m'munda. Lipoti la bungwe la Plan International la 2009 linanena kuti mwana wogwira ntchito m'minda ya fodya ya ku Malawi akhoza kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi ndudu 50 pa tsiku. Pa nthawi yosankha fodya wouma ndi kudinda mabelo, fumbi lake limayambitsa chifuwa. Masiku odwala amenewa nawonso amalembedwa m'kaundula ngati kujomba, ngakhale palibe amene amawalumikiza ndi munda.

Nkhaniyi si ya makomo ochepa. Kafukufuku wa ofesi ya boma yowerengera anthu wa 2015 anapeza kuti ana 38 pa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo ambiri mwa iwo anali mu ulimi. Nkhaniyi inafikanso pa msika, pakuti mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana, ndipo makampani anayenera kusonyeza umboni kuti fodya wawo ndi woyera asanaloledwenso. N'chifukwa chake mapangano amene makampani ogula fodya amasainirana ndi alimi masiku ano amakhala ndi mfundo yoletsa kugwiritsa ntchito ana, ndipo mlangizi wa kampani akapeza mwana m'chigafa, mlimi akhoza kutaya kontirakiti yake.

Pamene ana amavutika kwambiri ndi pa mabanja a matenanti. Banja limachoka ku Mulanje, Phalombe kapena Mangochi kupita ku esiteti ya ku Kasungu, Mzimba kapena Rumphi chakumapeto kwa chilimwe, sukulu zitatsegulira kale kapena zili pafupi kutsegulira. Mwini esiteti amawapatsa chimanga ndi zipangizo pa ngongole, n'kudzawalipira kumapeto kwa nyengo malinga ndi makilogalamu a fodya atachotsa ngongole yonse. Popeza malipiro amadalira kuchuluka kwa fodya, tenanti sangachitire mwina koma kulowetsa mkazi ndi ana onse m'munda. Anawo amachoka kwawo opanda kalata ya kusukulu, kumene afikako sukulu ili kutali, ndipo chaka chimatha osalowa m'kalasi. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha Lamulo la Ntchito ndi kuthetsa dongosolo la utenanti, kotero wogwira ntchito paesiteti ayenera kulembedwa ngati wantchito wolandira malipiro. Kuti utenanti unathetsedwa pa pepala sizikutanthauza kuti watha m'minda, koma tsopano mwini esiteti amene akuti "ine ndinapangana ndi bambo wawo, za anawo sindikuzidziwa" akudziwulula yekha pa mlandu wina. Kwa kholo limene likusamuka ndi ana, chinthu chaching'ono chimene chimathandiza kwambiri ndi kupita kwa mphunzitsi wamkulu musananyamuke kukatenga kalata yosamutsira mwana, kuti akalandiridwe m'kalasi yake kumene mukupita.

Tsopano, mukaona mwana akujomba chifukwa cha ntchito, muyambire pati? Ine ndinganene kuti musayambire kupolisi, pokhapokha ngati mwanayo akumenyedwa, watsekeredwa, kapena wachotsedwa kwawo kupita naye kutali. Yambani ndi kaundula. Kholo, womulera kapena membala wa komiti ya sukulu ali ndi chifukwa chokwanira chopempha mphunzitsi wamkulu kuti aone masiku amene mwana wajomba. Kajombedwe kamanena zambiri. Mwana wodwala amasowa masiku otsatizana kenako n'kubwerera. Wa ganyu kapena wa fodya amasowa modumphadumpha, kawirikawiri tsiku lotsatira mvula yaikulu kapena sabata yothyola, ndipo abale ake a m'makalasi ena amasowa masiku omwewo. Wa ubusa amasowa teremu yonse. Masiku amenewa akalembedwa papepala amakhala umboni umene kholo kapena mwini munda sangaukane.

Kenaka nkhani ipite kwa komiti ya sukulu ndi gulu la amayi oyang'anira ana pasukulupo, kuti akacheze ndi banjalo. Kucheza kumeneku kukhale kofunsa chifukwa, osati kongodzudzula, pakuti mankhwala ake amasiyana. Ngati vuto ndi njala, kuopseza ndi ndende sikudzaza mphika. Apa m'pamene phala la kusukulu, monga limene bungwe la Mary's Meals lakhala likupereka m'dziko muno kuyambira 2002, limagwira ntchito imene lamulo palokha silingagwire, ndipo banja losaukitsitsa liyenera kudziwitsidwa kwa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuti lione ngati lingalowe mu Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo amawonjezera kangachepe pa mwana aliyense wa pasukulu. Ngati vuto ndi kuchepa kwa manja pa sabata yothyola, mabanja oyandikana akhoza kuthandizana akuluakulu okhaokha, lero munda wa uyu mawa wa uyo. Koma ngati banjalo lili ndi chakudya ndipo likungopewa kulipira waganyu wamkulu, nkhaniyo ipite kwa amfumu. Midzi yambiri ili ndi malamulo akeake olipiritsa nkhuku kapena mbuzi kholo lojombetsa mwana, ndipo m'madera ena a m'chigawo chapakati Gule Wamkulu amayenda m'mawa kuperekeza ana kusukulu. Malamulo a m'mudzi amathandiza, koma ali ndi malire ake. Mfumu ilibe mphamvu yokwapula mwana kapena kholo, ndiponso singathetse pabwalo mlandu wa mwini esiteti wogwiritsa ntchito ana mwa kungolandira mbuzi.

Mlandu wa wolemba ntchito ndi wa ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, imene nthawi zambiri imapezeka kwa bwanamkubwa. Mkulu wa zantchito ali ndi mphamvu yolowa pamalo a ntchito, kufunsa anthu ndi kuona mabuku. Mukapita kukanena, tengani dzina la malo, mtundu wa ntchito, masiku ndi nthawi zimene ana amagwira, ndi zaka zawo. Za zaka ndi pamene milandu yambiri imafera, chifukwa mwini munda amangoti "anandiuza kuti ali ndi zaka 18." Chiphaso cha kubadwa, buku la kusikelo, kalata ya ubatizo kapena kaundula wa sukulu zimatha kutseka pakamwa pamenepo. Dziwaninso kuti maofesi amenewa ali ndi antchito ochepa ndipo mayendedwe amawavuta, choncho musangonena kamodzi n'kukhala. Nenaninso kwa woteteza ana wa m'dera lanu, ndipo ngati pali nkhanza pitani ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya kupolisi. Munthu amene watenga ana m'mudzi powalonjeza ntchito n'kukawasiya paesiteti kutali akhoza kuimbidwa mlandu wozembetsa anthu pansi pa lamulo la 2015, umene chilango chake pa mwana chimafika zaka 21.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yawo. Mwana amene wabwerera atasowa sabata ziwiri alandiridwe m'kalasi tsiku lomwelo, apatsidwe mnzake woti akopere zimene anaphonya, ndipo asabwezedwe chifukwa alibe yunifolomu. Mlangizi wa zamaphunziro wa m'dera akabwera, asonyezedwe masamba a Januwale ndi Febuluwale a kaundula, osati chiwerengero cha ana olembetsa chokha, chifukwa chiwerengero chimenecho chimabisa ana onse amene takambawa.

Inu makolo amene mwafesa nazale chaka chino, werengerani manja a akuluakulu amene muli nawo musanaganize za kukula kwa munda, ndipo ana a sukulu musawaike m'chiwerengerocho. Ndipo inu amene mukudziwa mwana amene ali m'chigafa pa nthawi ya sukulu koma mukuopa kudana ndi mnansi, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana imene amayendetsa a bungwe la YONECO. Mwana mwiniyo akhozanso kuimba.